Dzina Limodzi, Mbale Ziwiri

Alamu anga amagula ndi kugulitsa ndalama za maiko ena pa intaneti, malonda amene iwo ndi anzawo amangowatchula kuti foreksi. Ine sindichita nawo zimenezo. Yanga ndi ntchito yolemba mapulogalamu a pakompyuta, ndipo mukudziwa mmene zimakhalira pachibale: ukangodziwika kuti umagwira kompyuta, foni ya agogo ikafa amakusaka iwe, kalata ya sukulu ikakana kusindikizika amakusakanso iwe. Choncho sindidadabwe atafika kwathu Loweruka lina masana, laputopu ili m'khwapa.

"Alamu, kanthu kakang'ono basi," adatero asanakhale n'komwe pansi. "Kwa inu ndi ka mphindi zochepa."

Kanthu kakang'onoko kadali aka. Iwo amaonera matchati awo pa TradingView, ndipo kumeneko amadalira indiketa yotchedwa Supertrend. Koma buloka wawo amawapatsa MetaTrader 5, ndipo n'komwe amagula ndi kugulitsa. Pa maindiketa amene MetaTrader 5 imabwera nawo, Supertrend palibe. Ankafuna kuti ndiichotse mu Pine Script, chinenero cha TradingView, n'kuilemba mu MQL5, chinenero cha MetaTrader 5, kuti asamadumphedumphe pakati pa mawindo awiri. Nditayang'ana khodi yake ndidaona kuti ndi mizere yochepa kwambiri. Ndidawauza kuti pofika madzulo zikhala zatheka. Zidanditengera sabata ziwiri.

Ndifotokoze kaye chimene indiketayi imachita, popeza nkhani yonse yagona pamenepo. Tchati cha mitengo chimapangidwa ndi makandulo, ndipo kandulo iliyonse imanena zinthu zinayi za nthawi yake: mtengo woyambira, wokwera kwambiri, wotsika kwambiri ndi wotsekera. Alamu amagwiritsa ntchito makandulo a ola limodzi pa yuro ndi dola. Supertrend imatenga pakati pa kandulo, n'kuyeza kamtunda kupita pansi, n'kujambula mzere pamenepo. Mtengo ukamakwera, mzerewo umakwera nawo, koma suloledwa kubwerera pansi. Tsiku limene kandulo idzatseke kunsi kwa mzerewo, indiketa imatembenuka, mzere umadumphira pamwamba pa mtengo, ndipo alamu amati yakwana nthawi yogulitsa. Kamtunda koyezako kamachokera ku indiketa ina, ATR, yomwe imanena kutalika kwa makandulo a posachedwapa. Iwo amatenga ATR ya makandulo 10 n'kuichulukitsa katatu. Mtima wa khodi ya Pine udali uwu:

```
atr = ta.atr(10)
lower = hl2 - 3 * atr
prev = nz(lower[1])
lower := lower > prev or close[1] < prev ? lower : prev
```

Cholakwa changa choyamba chidali cha chizolowezi, ndipo sindichedwapo. Mu Pine, `close[1]` ndi mtengo wotsekera wa kandulo yapitayi. Zaka za m'mbuyomu ndidalembapo timapulogalamu ta MetaTrader 4, komwe mwachizolowezi makandulo amawerengedwa kuchokera ku yatsopano: ya lero ndi 0, yapitayo ndi 1, motero wofuna kubwerera m'mbuyo amawonjezera. Dzanja lidangolemba lokha `close[i+1]`. Koma mu MQL5, ngati sudalamule mwina ndi `ArraySetAsSeries`, mitengo imene `OnCalculate` imalandira imayambira ku kandulo yakale kwambiri. Pamenepo `i+1` ndi kandulo ya kutsogolo. Pulogalamu idandichenjeza ndithu: itafika pa kandulo yomaliza idaima, n'kulemba kuti `array out of range`, popeza kutsogolo kwake kudalibe china. Ine m'malo mofunsa chifukwa chake, ndidangoiuza kuti iziima isanafike pa kandulo yomalizayo. Chenjezo lidatha, vuto lidatsala.

Adaliona ndi alamu. Adaloza pamalo pena n'kundifunsa chifukwa chimene mzere wobiriwira udatsikira mtengo uli pakati pokwera. Zoonadi, udali utatsika kandulo imodzi mtengo usanaufike, ngati mwana wothawa ndodo isanatukulidwe. Unkasuzumira mawa. Indiketa yotere pa matchati akale imatha kuoneka yanzeru kuposa yoyambirira, ndipo n'chifukwa chake ndi yoopsa: pa msika weniweni mawa kulibe. Ndidasintha kukhala `close[i-1]`, nkhaniyo idatha.

Zitatero mizere iwiri ija idayamba kufanana, koma kufanana kwa pachibale, osati kwa mapasa. Pamene msika udali phee inkayendera limodzi. Pamene padachitika chipwirikiti inkasiyana, n'kudzakumananso patsogolo. Pa mwezi umodzi wa makandulo ndidapeza malo angapo pamene ya TradingView idatembenuka, yanga osatembenuka. Ndidabwereza khodi yanga mzere ndi mzere, kawiri, katatu. Padalibe cholakwika. Pamene Pine idati `ta.atr(10)`, ine ndidaitana ATR ya MetaTrader:

```
h = iATR(_Symbol, _Period, 10);
```

Dzina lomwelo, nambala yomweyo. Ndikadakayikira chiyani?

Amayi anga ankagulitsa nyemba pamsika, ndipo ali ndi nkhani imene amakonda kuikamba. Mlendo akafika n'kufunsa mtengo wa mbale, amauzidwa, n'kupita kwa wogulitsa wina, n'kumva mtengo wotsikirapo, n'kuthamangira komweko akusangalala. Safunsa kuti mbaleyo ndi yotani. Onse awiri akuti "mbale", ndipo palibe amene akunama, koma ina ndi yakuya, ina ndi yosazama, ndipo ina adaimenya pansi kuti itukuke. Usiku wachinayi ndili pa khodi ija ndidakumbukira nkhani imeneyi, ndipo ndidasiya kuwerenga zimene ndidalemba ine, n'kutsegula fayilo ya ATR imene MetaTrader imabwera nayo, kuti ndione mbale yakeyo.

ATR adaiyambitsa J. Welles Wilder m'buku lake la mu 1978. Poyamba umayeza kutalika kwenikweni kwa kandulo iliyonse. Umatenga chachikulu mwa zitatu: kuchokera pamwamba pa kandulo kufika pansi pake, kuchokera pamwamba kufika pamene kandulo yapita idatsekera, kapena kuchokera pansi kufika pomwepo. Mpaka apa mbali zonse ziwiri zimagwirizana. Kusiyana kumabwera pa avereji. Pine imatsata njira ya Wilder mwini, imene kumeneko amaitcha `ta.rma`: umatenga yankho la kandulo yapita, kulichulukitsa ndi 9, kuwonjezera kutalika kwa kandulo yatsopano, n'kugawa ndi 10. ATR ya MetaTrader imachita avereji wamba, ya kusukulu ija: kuphatikiza makandulo 10 omaliza n'kugawa ndi 10. Zonse ziwiri ndi njira zomveka ndipo palibe imene ili yobisika. Kungoti sizofanana.

Kuti ndimvetse ndidatenga pepala n'kudzipangira chitsanzo. Tiyerekeze kuti msika wakhala bata, kandulo iliyonse ndi yotalika mapipi 20. Mbali zonse ziwiri zikuti ATR ndi 20. Kenaka kwatuluka nkhani ya chiwongola dzanja ku Amereka, kandulo imodzi yatalika mapipi 120. Njira ya Wilder ikuti 20 kuchulukitsa ndi 9 ndi 180, kuwonjezera 120 ndi 300, kugawa ndi 10 ndi 30. Avereji wamba nayo ikuphatikiza makandulo 9 a 20 ndi imodzi ya 120, yankho ndi 30. Apa ndi pamene zimapusitsa munthu. Ukafuna kuyesa ngati maindiketa awiri akugwirizana, maso amathamangira pa kandulo yaikulu, ndipo pa kandulo yaikuluyo akugwirizanadi.

Zimasiyana pambuyo pake. Msika wabwerera ku makandulo a mapipi 20. Njira ya Wilder imayamba kuiwala pang'onopang'ono: 29, kenaka 28.1, kenaka 27.3, kumangotsika choncho. Avereji wamba siiwala kanthu. Kandulo yaikulu ija idakali m'gulu la 10 omaliza, motero yankho likhala 30, osasuntha. Pofika kandulo ya 9 chichitikire chipwirikiti, Pine ili pa 23.9, MetaTrader idakali pa 30. Pa kandulo ya 10, yaikulu ija yatuluka m'gulu, MetaTrader yagwa kamodzi n'kamodzi kufika pa 20, pamene Pine ili pa 23.5. Amene adali pamwamba tsopano ali pansi. Wina amakhululuka tsiku ndi tsiku koma samaliza, wina amasunga chakukhosi masiku khumi n'kuiwaliratu m'mawa umodzi.

Mapipi 6 angaoneke ochepa, koma Supertrend imawachulukitsa katatu. Tiyerekeze kuti mtengo wakhala ukukwera, ndipo pa kandulo ya 9 ija pakati pake pali pa 1.0900. Mzere wa Pine uli mapipi pafupifupi 72 kunsi, pa 1.0828. Wanga uli mapipi 90 kunsi, pa 1.0810. Pakati pawo pali mpata wa mapipi 18. Mtengo ukagwa n'kutsekera pa 1.0820, TradingView ikuti gulitsani, MetaTrader ikuti khalani chete. Ndipo popeza Supertrend imakumbukira mbali imene ili, kusemphana kwa kandulo imodziyo kumatha kukhala masiku, wina ali wofiira wina ali wobiriwira, mpaka mtengo utayenda mokwanira kuti uwagwirizanitsenso.

Nditadziwa izi ndidajambula ma ATR awiriwo okha, popanda Supertrend, ndipo chizindikiro chake chidali poyera. Wa avereji wamba amakwera, n'kuyenda chafulati ngati thebulo, n'kugwa ngati sitepe makandulo 10 enieni pambuyo pa kandulo yaikulu, ngakhale pa nthawi yogwayo msika usakuchita kanthu. Wa Wilder amatsetsereka ngati phiri. Ukaona indiketa ikudumpha pamalo pamene mtengo uli phee, werenga makandulo chobwerera m'mbuyo, ukapeza chimene changotuluka m'gulu.

Mankhwala ake adali mzere umodzi. Ndidasiya `iATR`, n'kudziwerengera ndekha:

```
atr[i] = (atr[i-1] * 9 + tr[i]) / 10.0;
```

Pali kamsampha kena pafupi pomwepa. Ena amakonda kulemba njirayi ndi kagawo ka `1/10`, ndipo mu MQL5 manambala awiri athunthu akagawidwa yankho limakhalanso lathunthu, choncho `1/10` ndi 0. Indiketa imangojambula mzere woongoka ngati msewu. Ukalemba `1.0/10` zimatheka. Komanso njira ya Wilder imafuna poyambira, popeza kandulo yoyamba ilibe yapita. Pine imayamba ndi avereji wamba ya makandulo 10 oyambirira, ndipo ine ndidachita chimodzimodzi. Matchati awiriwo sayambira tsiku limodzi, koma zimenezo sizidandidetse nkhawa. Kusiyana kwa poyambira kumachepa ndi gawo limodzi mwa magawo khumi pa kandulo iliyonse, ndipo pakatha makandulo 50 chotsala sichifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100. Kusiyana kumene kuli kumanzere kwa tchati kokha, n'kumazilala popita kumanja, si matenda.

Ndidawatumizira alamu fayilo ndili wonyada. Pa makandulo akale mizere idali itagonana bwinobwino. Patapita masiku atatu foni idalira.

"Alamu, chinthu chanuchi chili ndi mfiti."

Adafotokoza kuti masana indiketa idasanduka yofiira ndipo idakhala yofiira maola anayi, pamene ya TradingView idali yobiriwira. Atatopa adatseka MetaTrader, n'kuitsegulanso, ndipo kufiira konse kudali kutasowa. Tchati chidali chobiriwira ngati sipadachitike kanthu. Ndidawafunsa ngati adajambula chithunzi. Adajambuladi, apo ayi ndikadaganiza kuti maso adawanamiza.

Vuto ili ndi limene lidandiphunzitsa zambiri, chifukwa silidali m'mizere imene ndidamasulira. Lidali m'zimene Pine imachita mwakachetechete, zosalembedwa mu khodi ya indiketa iliyonse. Pa makandulo akale, Pine imayendetsa khodi kamodzi pa kandulo iliyonse, kuchokera ku yakale kufika ku yatsopano. Koma kandulo yomaliza imakhala isanatseke, ndipo mtengo umasintha kangapo pa mphindi imodzi. Pa kusintha kulikonse, kumene amalonda amakutcha tiki, Pine imayamba yabweza zonse mmene zidalili kandulo yapita itatseka, kenaka n'kuwerengera mwatsopano. Zili ngati mphunzitsi amene amafufuta bolodi nthawi iliyonse asanayambe samu, n'kusiya zokhazo zimene zidalowa kale m'kaundula. Zimene kandulo yamoyo yanena sizilowa m'kaundula mpaka itatseka.

MQL5 sikufufutira bolodi. Imakuitana pa tiki iliyonse, n'kukuuza kuti makandulo onse alipo angati ndi kuti udawerengera kale angati, basi. Zotsala ndi zako. Ine ndidasunga mbali ya indiketa, yokwera kapena yotsika, mu dzina limodzi lokhala kunja kwa `OnCalculate`, lomwe limasunga chimene waikamo mpaka utachisintha. Pa makandulo akale zidayenda bwino, popeza iliyonse inkawerengedwa kamodzi, ndi mtengo wake wotsekera. Pa kandulo yamoyo zidali zina. Mtengo udatsika kwa kamphindi kunsi kwa mzere, pakati pa ola. Khodi yanga idati tatembenuka, n'kulemba kuti mbali ndi yotsika. Mtengo udabwerera pamwamba ndipo kandulo idatseka bwinobwino. Ku TradingView mzere udaphethira kufiira n'kubwerera, chifukwa tiki yotsatira idayambiranso pa zimene kandulo yapita idasiya. Kwa ine tiki yotsatira idapeza palembedwa kale kuti tikutsika, ndipo kuti indiketa ibwerere inkafuna mtengo udutse mzere wa pamwamba, womwe udali kutali. Idakakamira pomwepo. Alamu atatseka n'kutsegula, zonse zidawerengedwanso kuchokera pachiyambi ndi mitengo yotsekera yokha, ndipo umboni udafufutika.

Kukonza kwake kudali kusintha kaganizidwe. Chilichonse chimene Pine imachikumbukira ndi `[1]` chiyenera kukhala ndi malo akeake pa kandulo iliyonse, osati malo amodzi a onse. Ndidapanga mabafa osaoneka pa tchati, a mtundu wa `INDICATOR_CALCULATIONS`, ina ya ATR, ina ya mzere wa pansi, ina ya wa pamwamba, ina ya mbali. Kandulo iliyonse imawerenga za inzake yapita pa `i-1`, n'kulemba zake pa `i`. Ndipo pa tiki iliyonse kuwerengera kumayambira pa kandulo yomaliza:

```
int start = prev_calculated > 0 ? prev_calculated - 1 : 10;
for(int i = start; i < rates_total; i++)
```

Motero kandulo yamoyo ikhoza kudzilemba ndi kudzifufuta kambirimbiri, koma singakhudze za inzake imene idatseka kale. Ndiko kufufuta bolodi kuja, kungoti kuno umagwira dasitala wekha. Chenjezo la pafoni nalonso ndidaliika kuti lizilira pokhapokha kandulo yatsopano ikabadwa, poyang'ana imene yangotseka, monga alamu adaikira ku TradingView posankha `Once Per Bar Close`.

Kuyambira pamenepo ndili ndi njira yoyesera imene sindiidumpha. Ndimasiya indiketa ikuyenda pa makandulo a mphindi imodzi kwa ola lathunthu, ndimajambula chithunzi, ndimaichotsa pa tchati n'kuibwezeretsa, n'kujambulanso. Zithunzi ziwirizo zikasiyana, ndiye kuti penapake ndasunga chinthu pamalo olakwika. Kuyang'ana makandulo akale okha sikungaulule vuto limeneli ngakhale utayang'ana chaka chonse.

Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chake ndidagwa m'maenje atatu onsewa, ine amene ndimadya za ntchito imeneyi. Ndikuganiza kuti n'chifukwa choti khodi idali yaifupi. Ikadakhala ya masamba ambiri ndikadaiopa, ndikadayamba ndi kufunsa mafunso. Koma Pine ndi yaifupi chifukwa nsanja yake imasenza katundu wambiri: imakuyendetsera makandulo, imakusungira mbiri ya dzina lililonse, imakubwezera zinthu pa tiki iliyonse, imakusankhira avereji. Wolemba amangonena chimene akufuna. Ukaisamutsira ku MQL5, katundu yense uja amatsala pakhomo, ndipo palibe amene amakuuza kuti watsala. Aliyense amene adamasulirapo ulaliki kutchalitchi amazidziwa izi. Mlaliki akanena mawu amodzi amene kwawo aliyense amadziwa nkhani yake, womasulira wongobweza liwu ndi liwu amanena zoona, koma mpingo umangomuyang'ana. Ine ndidamasulira mawu onse molondola, ndipo katatu konse cholakwa chidali pa zimene mwini khodi sadafunikire kunena.

Sindikunena kuti chinenero china n'chabwino kuposa chinzake. Pine imakuteteza ku zolakwa zambiri pokuchitira zinthu, MQL5 imakupatsa ufulu wochita zimene ukufuna pokusiyira zonse. Chimene ndimakana tsopano ndi mawu oti "yafanana" ochokera m'maso. Mizere iwiri yosiyana ndi mapipi 18 imaoneka yogonana pa tchati cha mwezi wathunthu. Mbali zonse ziwiri zili ndi `Data Window`, kawindo koonetsa manambala enieni a kandulo imene waloza, ndipo kuyerekeza koona kumachitikira mmenemo, kuyambira pansi: mitengo inayi ya kandulo kaye, kenaka kutalika kwake, kenaka ATR, kenaka mizere, pomaliza mbali. Pamene manambala ayambira kusiyana ndi pamene pali vuto. Ndikadayamba motero tsiku loyamba, nkhani ya ATR ikadanditengera theka la ola.

Kuyerekeza kotereku kudaonetsanso malire a ntchito yanga. Pa makandulo ena mitengo yeniyeniyo idali yosiyana, khodi isanaikhudze. Foreksi ilibe msika umodzi umene aliyense amatengako mtengo. Tchati cha alamu ku TradingView chinkachokera kwa wopereka mitengo wina, cha ku MetaTrader chinkachokera kwa buloka wawo, ndipo nsonga ya kandulo imatha kusiyana ndi pipi imodzi kapena mapipi awiri. Mawotchi nawonso sadali amodzi. MetaTrader imaonetsa nthawi ya seva ya buloka, ndipo ya alamu inkafanana ndi ya kuno miyezi ina, n'kutsogola ndi ola limodzi miyezi ina, pamene maiko a kumpoto asuntha mawotchi awo. Pa makandulo a ola limodzi zimenezi zimangosintha dzina la kandulo, koma pa a maola anayi kapena a tsiku, ngati mbali ziwirizo siziyambira tsiku pa ola limodzi, makandulowo amakhala ena ndithu. Kuti nditsimikize kuti khodi ilibe mlandu, ndidakopera mitengo ya MetaTrader m'sipuredishiti, n'kulembamo masamu a Pine ndi dzanja. Mayankho adafanana ndi a indiketa yanga mpaka nambala yomaliza.

Ndidawafotokozera alamu kuti padzakhalabe masiku ena, apo ndi apo, pamene mtengo udzatsekera pafupi kwambiri ndi mzere, kwina pamwamba pang'ono, kwina pansi pang'ono, ndipo maindiketa awiriwo adzasemphana popanda wolakwa.

"Ndiye yoona ndi iti?" adafunsa.

Ndidawayankha kuti ndalama zawo zili kwa buloka, ndipo mtengo umene adzagulire kapena kugulitsira ndi wa bulokayo. Adakhala chete pang'ono, n'kunena kuti akadakonda ndikadawauza kuti ina ndi yabodza. Ndidawamvetsa. Iwo ankaiona Supertrend ngati sikelo ya boma, yonena chimodzimodzi kulikonse, ndipo sabata ziwirizo zidawaonetsa kuti kusintha kachinthu kamodzi m'kati mwake kumasuntha tsiku logulitsa. Ngati mzere ungatembenuke kapena kusatembenuka chifukwa cha mtundu wa avereji, ndiye kuti kutembenukako si mawu ochokera kumwamba. Zoti indiketayo imawapindulitsa kapena ayi sindidaziyese, ndipo ndidawauza kuti imeneyo ndi nkhani ina, yosakhudzana ndi kumasulira bwino.

Mwezi watha adabweranso, laputopu ili m'khwapa, akuti pali kanthu kena kakang'ono. Ulendo uno ndi indiketa yomangidwa pa MACD, ndipo adafulumira kunena kuti imeneyi ndi yosavuta chifukwa MACD ilimo kale mu MetaTrader. Ndidawapatsa mpando, n'kutsegula fayilo yake tisanalembe kalikonse. Mzere wa siginolo wa MACD ku TradingView, pa makonzedwe ake a masiku onse, ndi avereji ya mtundu wa `EMA` ya makandulo 9. Wa ku MetaTrader ndi avereji wamba ya makandulo 9. Ndidawauza kuti adzabwere pakatha sabata.